Yankho la pulobabiliti likakana kufanana ndi la m'buku

Chaka chilichonse mayeso a Giredi 12 akayandikira, ana amene ndimawaphunzitsa masamu madzulo kuno ku Mtendere amabwera ndi dandaulo limodzimodzi: "Aphunzitsi, njira ndatsata bwinobwino, koma yankho langa lasiyana ndi la kumbuyo kwa buku." Kawirikawiri funsolo limakhala la pulobabiliti, masamu oyeza mwayi woti chinthu chichitike: la madayisi, la makhadi, kapena la thumba la timipira tamitundumitundu. Pakamwa pandiuma ndi kubwereza zomwezomwezo kwa mwana mmodzimmodzi, ndiye ndati ndizilembe pamodzi, kuti wophunzira, kapena mkulu wake amene amamuthandiza kunyumba, azitha kufufuza yekha.

Choyamba, yankho lolakwalo musalifute. Pa mafunso amenewa nambala yolakwa imaulula yokha pamene munapunthwa. Iyikeni pambali pa ya m'buku, muone kuti zasiyana motani, kenaka pitani pa chizindikiro chogwirizana nacho m'munsimu.

Zitsanzo zambiri ndizitenga m'thumba limodzi. Ine ndimasunga sokosi yakale momwe muli zitsekerero za mabotolo 8: zofiira 5 ndi zoyera 3. Chofiira tizilemba F, choyera Y. Zitsekererozo mukhoza kutola pa kantemba kalikonse, ndipo ndikukulangizani kuti muzitoledi, chifukwa mavuto ambiri a pano amatha dzanja likalowa m'thumba lenileni.

## Chizindikiro 1: yankho layandikira, koma nambala ya pansi ndi ina

Funso likuti: mwatenga zitsekerero ziwiri, chimodzi pambuyo pa chinzake, osabwezera choyambacho. Mwayi woti zonse zikhale zofiira ndi wotani? Poyamba m'thumba muli 8, zofiira 5. Chofiira chimodzi chikatuluka mwatsala 7, zofiira 4. Choncho:

```
P(FF) = 5/8 × 4/7 = 20/56 = 5/14
```

Ngati inu mwapeza zina, zoyambitsa zake ndi izi, kuyambira chimene ndimakumana nacho kwambiri.

- Mwapeza 25/64. Simunachotse kalikonse, mwalemba 5/8 kawiri. Yankholi likanakhala lolondola chitsekerero choyamba chikanabwezeredwa, koma funso lati osabwezera.
- Mwapeza 25/56. Mwakumbukira kuti m'thumba mwatsala 7, koma mwaiwala kuti chimene chatulukacho chinali chofiira, ndiye zofiira sizingakhalebe 5.
- Mwapeza 20/64, kapena 5/16. Pamwamba mwachotsa, pansi mwasiya 8.
- Pa funso la chofiira kenaka choyera mwapeza 10/56 m'malo mwa 15/56. Mwachotsa pa mtundu umene sunatuluke. Chofiira chikatuluka, zoyera zikadali 3, ndiye fulakishoni yachiwiri ndi 3/7, osati 2/7.

Kakonzedwe kake ndi kamodzi pa zonsezi. Musanalembe fulakishoni yachiwiri, lembani pambali zimene zatsala m'thumba: "F 4, Y 3, zonse 7". Fulakishoniyo muitenge pa mzere umenewo, osati pa fulakishoni yoyamba.

Mawu akuti "osati pa fulakishoni yoyamba" ndawanena dala, chifukwa pali msampha wina umene umakola ana anzeru, aja okonda ntchito yaudongo. Mtsikana wina wa ku Kalingalinga anali ndi funso la thumba la maswiti 10, ofiira 6 ndi obiriwira 4. Analemba 6/10, nthawi yomweyo n'kuifupikitsa kukhala 3/5 monga anazolowerera. Pofika pa switi yachiwiri anachotsa 1 pamwamba ndi 1 pansi, n'kupeza 2/4. Yankho lake linatuluka 3/10, pamene loyenera ndi 6/10 × 5/9, lomwe ndi 30/90 kapena 1/3. Ndinamufunsa kuti, "Mwana wanga, m'thumbamo mwatsala maswiti angati?" Anati 9. "Nanga 4 wapansiyu wachokera kuti?" Anangogwira pakamwa. Kufupikitsa fulakishoni sikusintha kukula kwake, koma kumafafaniza chiwerengero chenicheni cha zinthu za m'thumba. Fupikitsani kumapeto kokha.

Nthawi zina vuto limayambira pa kawerengedwe ka funso. Funso silinena nthawi zonse poyera kuti chinthucho chabwezeredwa kapena ayi, limangofotokoza zimene zachitika. Ngati switi yadyedwa, sinabwerere. Ngati akusankha ana awiri m'kalasi kuti akhale atsogoleri, mwana mmodzi sangasankhidwe kawiri. Ngati zinthu ziwiri zatengedwa nthawi imodzi ndi dzanja limodzi, kumeneko n'chimodzimodzi ndi kutenga chimodzichimodzi osabwezera, ndipo yankho ndi 5/14 lomwe lija. Koma dayisi ndi ndalama yachitsulo sizitha. Mukaponya 6 pa ludo, nkhope ya 6 siichoka pa dayisiyo. Ndaonapo mwana akulemba 1/6 × 1/5 pa kuponya kawiri, chifukwa sabata yonse tinali pa zathumba ndipo dzanja linazolowera kuchotsa. Pa dayisi nambala ya pansi ndi 6 mpaka kalekale, ndipo 6 kawiri motsatizana ndi 1/36.

Pa makhadi onjezani kufufuza kumodzi. Mafunso a masamu amanena za paketi ya makhadi 52, ya mitundu inayi, ♥ ♦ ♣ ♠, mtundu uliwonse makhadi 13. Paketi yogula kumsika nthawi zambiri imabwera ndi majoka awiri, ndiye mukawerenga mupeza 54. Chotsani majokawo musanayambe. Maesi awiri osabwezera ndi 4/52 × 3/51, kutanthauza 1/221. Mukabwezera khadi loyamba n'kusakaniza, ndi 4/52 × 4/52, kutanthauza 1/169. Mukaona 169 pamene buku lili ndi 221, mwadziwa kale chimene chachitika.

Poyesera pachangu: chepetsani thumba mpaka choyera chitsale chimodzi chokha, mudzifunse mwayi wotenga zoyera ziwiri osabwezera. N'zosatheka, ndiye njira yanu iyenera kubereka 0. Ikabereka nambala ina iliyonse, ndiye kuti mumutu mwanu mukubwezera mwakabisira.

## Chizindikiro 2: yankho lanu ndi theka lenileni la yankho la m'buku

Ichi chimadya malikisi ambiri kuposa zina zonse, chifukwa masamu onse amaoneka aukhondo ndipo palibe chokuchenjezani.

Choyambitsa chachikulu n'chakuti mwawerenga njira imodzi pamene zilipo ziwiri. Funso likati "zamitundu yosiyana" kapena "chimodzi chofiira, china choyera", silinanene kuti chiyambe ndi chiti. Chofiira chikhoza kuyamba, choyera n'kutsatira. Choyera chikhozanso kuyamba, chofiira n'kutsatira. Zonse ziwiri zikuyankha funsolo.

```
P(FY) = 5/8 × 3/7 = 15/56
P(YF) = 3/8 × 5/7 = 15/56
pamodzi: 30/56 = 15/28
```

Wopeza 15/56 waima pa mzere woyamba.

Chachiwiri ndi madayisi awiri ofanana mtundu. Mwana akafunsidwa mwayi woti nambala ziwirizo pamodzi zikwane 7, amalemba 1 ndi 6, 2 ndi 5, 3 ndi 4, n'kunena kuti 3/36. Buku likuti 6/36. Mankhwala ake ndi kubwereka madayisi amitundu iwiri, kapena kudontheza inki pa imodzi. Yofiira ikaonetsa 1 yoyera n'kuonetsa 6, maso amaona okha kuti zasiyana ndi yofiira 6 yoyera 1. Madayisi ofanana mtundu amagwa chimodzimodzi ndi amitundu iwiriwo, kungoti ife sititha kuwasiyanitsa. Jambulani tebulo la mizere 6 ndi mabokosi 6 pa mzere uliwonse, mabokosi 36, muwerenge amene akukwana 7.

Chachitatu, chomwe sichichitika kawirikawiri, ndi chotembenuza chake: yankho lanu laposa la m'buku kawiri. Apa pali zinthu ziwiri zoti muone. Mwina funso linanena dongosolo, lakuti "choyamba chofiira, chachiwiri choyera", inu n'kuwonjezera njira yachiwiri imene sanakufunseni. Mwinanso mwachulukitsa kawiri chinthu chosatembenuzika. Pa madayisi, 4 ndi 4 ndi bokosi limodzi lokha. N'chifukwa chake 8 ali ndi mabokosi 5: 2 ndi 6 kawiri, 3 ndi 5 kawiri, 4 ndi 4 kamodzi. Zitsekerero zofiira ziwiri nazonso sizichulukitsidwa kawiri, FF ukaitembenuza imakhalabe FF.

## Chizindikiro 3: pansi pa yankho la madayisi awiri pali 11

Apa palibe zambiri. Madayisi awiri pamodzi amapereka nambala kuyambira 2 mpaka 12, zomwe ndi nambala 11, ndiye mwana amati iliyonse ili ndi mwayi wa 1/11. Lamulo lakuti "zofunikazo pamwamba, zonse pansi" limagwira ntchito pokhapokha zinthu zimene mukuwerengazo zili ndi mwayi wofanana. Nambala 11 zimenezi sizifanana: 2 ali ndi bokosi limodzi, 12 limodzi, 7 ali ndi 6. Mabokosi 36 aja ndiwo ofanana, ndiye muziwerenga amenewo.

Matenda omwewa amaonekanso pa thumba, mwana akanena kuti mitundu ndi iwiri ndiye mwayi wa chofiira ndi 1/2. Muwerenge zitsekerero, osati mitundu.

## Chizindikiro 4: yankho lakula mopitirira, mwina mpaka kudutsa 1

Mwayi sungapose 1. Chinthu chosapeweka ndi 1, chosatheka ndi 0, zina zonse zili pakati. Mukapeza fulakishoni imene pamwamba pake ndi pakulu kuposa pansi, imani pomwepo, musapitirize ku gawo lotsatira la funso.

Choyambitsa chofala ndi kuphatikiza pamene mumayenera kuchulukitsa. 5/8 kuphatikiza 4/7 zimapereka 67/56. Nzeru zachibadwa zokha zikhoza kukuuzani kuti palakwika: kutenga zofiira ziwiri motsatizana n'kovuta kuposa kutenga chofiira chimodzi, ndiye yankho liyenera kuchepa kuposa 5/8, osati kukula. Pa mtengo wa nthambi, chithunzi chimene timajambula choonetsa njira zonse zimene zinthu zingatulukire, mukamayenda ndi nthambi imodzi kuchokera pa tsinde kukafika kunsonga mumachulukitsa. Mumaphatikiza pokhapokha mukusonkhanitsa nsonga zosiyana.

Chachiwiri ndi kuwerenga chinthu chimodzi kawiri. Mwayi woti khadi likhale kingi kapena la ♥: makingi ndi 4, a ♥ ndi 13, ndiye ambiri amati 17/52. Yalani makhadiwo pamphasa muwawerenge ndi chala. Mupeza 16, chifukwa kingi wa ♥ ali m'magulu onse awiri. Yankho ndi 16/52, kapena 4/13. Cholakwa ichi n'choipa chifukwa yankho silidutsa 1, limangonenepa pang'ono. Musanaphatikize magulu awiri, dzifunseni ngati pali khadi kapena bokosi lokhala konsekonse, mulichotse kamodzi.

Chachitatu ndicho ndimachikonda, chifukwa chinasokonezapo ngakhale akuluakulu. Ndi mafunso akuti chinthu chichitike "ngakhale kamodzi kokha". Pa ludo, amene amati kachidutswa sikatuluka m'nyumba popanda 6, mnyamata wina anandiuza motsimikiza kuti ukaponya kasanu ndi kamodzi, 6 ayenera kubwera basi, popeza 1/6 ukaiphatikiza ka 6 imakwana 1. Ndinamufunsa kuti, "Iwe, sunakhalepo m'nyumba anzako akuzungulira bolodi, iwe ukuponya mpaka dzanja kutopa?" Anaseka, chifukwa zinali zitamuchitikira dzulo lake. Ndipo ukaponya ka 7, kaphatikizidwe kakeko kamapereka 7/6, chomwe n'chosatheka.

Cholakwikacho chimaoneka bwino pa kuponya kawiri. 1/6 kuphatikiza 1/6 ndi 12/36, koma pa tebulo mabokosi okhala ndi 6 ndi 11, chifukwa bokosi la 6 ndi 6 lawerengedwa kawiri. Njira yodalirika ndi kulowera kukhomo lakumbuyo: pezani mwayi woti 6 asabwere ngakhale kamodzi, muuchotse pa 1.

```
kawiri: 1 − (5/6)^2 = 11/36
ka 4:   1 − (5/6)^4 = 671/1296 ≈ 0.518
ka 6:   1 − (5/6)^6 ≈ 0.665
```

Ndiye kuti mnyamata uja akaponya ka 6, pafupifupi kamodzi pa katatu kalikonse amatsalabe m'nyumba. Mzere wapakatiwo uli ndi mbiri yake. Ku Falansa, munthu wina wokonda njuga wodziwika kuti de Méré anabweretsa mafunso a madayisi kwa Blaise Pascal, ndipo makalata amene Pascal analemberana ndi Pierre de Fermat mu 1654 amatengedwa ngati chiyambi cha masamu amenewa. Limodzi la mafunsowo linali la kupeza 6 ndi 6 pa madayisi awiri. Munthu wophatikiza angaganize kuti kuponya madayisi awiri ka 24 n'chimodzimodzi ndi kuponya imodzi ka 4, popeza 24/36 ndi 4/6 n'zofanana. Koma polowera kukhomo lakumbuyo, ya ka 4 imapereka 0.518, pamene ya ka 24 imapereka pafupifupi 0.491. Ina yaposa theka, ina yaperewera.

Pa thumba lathu njirayo ndi yomweyo. Mwayi woti patuluke choyera ngakhale chimodzi ndi 1 kuchotsapo mwayi woti zonse zikhale zofiira, 1 − 20/56, womwe ndi 36/56 kapena 9/14.

## Chizindikiro 5: nsonga za mtengo sizikukwana 1

Ichi ndi chizindikiro, komanso ndi chida choyesera chimene ndimafuna mwana aliyense achigwiritse ntchito asanatembenuze tsamba. Nsonga zinayi za thumba lathu, FF, FY, YF ndi YY, ndi 20/56, 15/56, 15/56 ndi 6/56. Phatikizani zapamwambazo: 20, 15, 15 ndi 6 zikukwana 56. Zikapanda kukwana, onani izi motsatana:

- Nthambi ziwiri zochokera pa mfundo imodzi ziyenera kukwana 1 pazokha. Pambuyo pa chofiira pali 4/7 ndi 3/7. Pambuyo pa choyera pali 5/7 ndi 2/7. Mfundo imene sikukwana ndiyo yodwala.
- Mwina mwakopera nthambi za mfundo yapamwamba n'kuziika pa yapansi. Apa kuphatikiza kukhoza kukwana 1 koma yankho lili lolakwa, ndiye onetsetsani kuti popanda kubwezera mfundo ziwirizo zasiyana.
- Mwina mwafupikitsa nsonga zina n'kusiya zina. 5/14 ndi 3/28 n'zolondola, koma kuziphatikiza ndi 15/56 popanda kakyuleta kumabala zolakwa zatsopano. Siyani zonse pa 56 mpaka mutayesa.
- Ngati mitundu ndi itatu, nsonga ziyenera kukhala 9. Werengani, mwina imodzi yasowa.

Muzindikire malire a chida chimenechi. Mtengo wa munthu amene wabwezera mosayenera umakwananso 1: 25, 15, 15 ndi 9 zimakwana 64. Kuyesaku kumagwira zolakwa za manambala, sikugwira kumva funso molakwa.

## Chizindikiro 6: simukudziwa kuti muchotse kapena musachotse

Pano palibe nambala yolakwa yoti tiyang'ane, cholembera changoima. Zimachitika m'njira ziwiri.

Yoyamba ndi pamene funso likufunsa za chitsekerero chachiwiri chokha, osanena kuti choyamba chinali chotani. Mwana amafunsa kuti, "Ndilembe 4/7 kapena 5/7?" Zonse ziwiri n'zolakwa pazokha. 4/7 ndi ya munthu amene waona kuti choyamba chinali chofiira, 5/7 ndi ya amene waona kuti chinali choyera. Inu simunaone, ndiye tengani nsonga zonse zothera pa chofiira: FF ndi YF, 20/56 ndi 15/56, pamodzi 35/56. Mukafupikitsa mupeza 5/8, mwayi womwe uja wa chitsekerero choyamba.

Ana ambiri sakhulupirira zimenezi tsiku loyamba, ndipo sindiwadzudzula. Tsiku lina magetsi atazima, tili pa nyali ya foni, ndinatenga chitsekerero chimodzi m'sokosi n'kuchifumbata osachiona, kenaka ndinauza mnyamata wina kuti atenge chake. Anati mwayi wake wachepa chifukwa ine ndayamba. Ndinamufunsa kuti wachepa bwanji, pamene sakudziwa ngati ndamulanda chofiira kapena ndamuchotsera choyera. Chitsekerero chili m'dzanja langa lofumbata sichisiyana ndi chitsekerero chokhala pansi pa sokosi chimene zala zake sizinachikhudze. Zinthu zimasintha ndikatambasula dzanja iye n'kuona. N'chifukwa chakenso pa maere a chilimba, ngati mapepala onse apindidwa mofanana, wotola pomaliza sanaponderezedwe ndi wotola poyamba.

Yachiwiri ndi ya makhadi, pamene khadi loyamba likhoza kukhala la gulu lachiwiri kapena ayi. Funso: khadi loyamba likhale kingi, lachiwiri likhale la ♥, osabwezera. Mwalemba 4/52, ndiye mwaima: a ♥ atsala 13 kapena 12? Zikudalira kingi amene watuluka, choncho nthambiyo iyenera kung'ambidwa pawiri.

```
kingi wa ♥, kenaka ♥:  1/52 × 12/51 = 12/2652
kingi wina, kenaka ♥:  3/52 × 13/51 = 39/2652
pamodzi: 51/2652 = 1/52
```

Wolemba 4/52 × 13/51 apeza 52/2652, wolemba 4/52 × 12/51 apeza 48/2652. Onse ayandikira, onse aphonya. Nthawi iliyonse imene simungathe kunena motsimikiza zimene zatsala, ndiye kuti nthambi yoyambayo ikubisa zinthu ziwiri zosiyana.

Wina anandifunsapo ngati kubwezera kuli ndi ntchito pa thumba lalikulu. Pa zitsekerero 8, zofiira ziwiri ndi pafupifupi 0.357 osabwezera ndi 0.391 pobwezera, kusiyana kooneka. Zikakhala 800, zofiira 500, manambalawo ndi 0.3903 ndi 0.3906. Thumba likamakula kusiyanako kumazilala. Koma pa mayeso thumba limakhala laling'ono nthawi zonse, ndipo wochonga amayang'ana 7 uja.

## Pamene muyenera kusiya n'kupita kwa aphunzitsi

Zimene zili pamwambazi n'zokwanira pa kutenga kawiri ndi pa madayisi awiri. Pali malo ena pamene kulimbana nokha kumangokhwimitsa cholakwa. Pitani kwa aphunzitsi anu a masamu ngati:

- Mwalemba njira zonse chimodzichimodzi, mtengo wakwana 1, mwawerenganso funso, koma buku likukanabe. Mwina buku ndilo lalakwa. Ine ndinagulapo kabuku ka mafunso akale pa msika wina m'tauni muno, momwe yankho la funso la osabwezera linali lowerengedwa ngati akubwezera, ndipo ana awiri anasintha ntchito yawo yolondola kuti ifanane nalo. Musasinthe njira kuti muthamangitse yankho. Kaonetseni munthu wodziwa.
- Funso silinanene kuti m'thumba muli zingati, langoti n, ndipo likufuna kuti mupeze n kuchokera pa mwayi umene lapereka. Pamenepo pamatuluka ikwezhoni ya kwadiratiki, ndipo vuto lanu likhoza kukhala la aljebura, osati la pulobabiliti.
- Funso likukuuzani za chachiwiri n'kufunsa za choyamba, monga lakuti chachiwiri chapezeka chofiira, nanga mwayi woti choyamba chinalinso chofiira ndi wotani. Pa thumba lathu yankho ndi 20 pa 35, kapena 4/7, koma chifukwa chimene pansi pakhalira 35 m'malo mwa 56 chimafunika munthu wokhala nanu pansi ndi cholembera.
- Kutengako kwafika ka 4 kapena ka 5, monga makhadi 5 a m'manja. Mtengo umakula mpaka tsamba kuchepa, ndipo pali njira ina yowerengera magulu imene muyenera kuphunzitsidwa bwinobwino.
- Mwakonza cholakwa chomwecho katatu koma chikubweranso. Kawirikawiri muzu wake umakhala mafulakishoni a m'makalasi a m'munsi, ndipo aphunzitsi amaona zimenezo pa mizere iwiri yokha ya kope lanu.

Pali chinanso chimene si cha aphunzitsi a masamu okha. Makolo, mukamva mwana akugwiritsa ntchito mawu a pano pokamba za kubetcha, akunena kuti nambala yakuti yachedwa ndiye yatsala pang'ono kubwera, dziwani kuti wasakaniza dayisi ndi thumba. M'thumba losabwezera, zofiira zikatuluka zambiri, mwayi wa choyera umakweradi. Dayisi ilibe chimene imasunga, ndipo itakana 6 ka 10, kuponya kotsatira kuli pa 1/6 pomwe paja. Ngati ndalama zayamba kale kusowa m'nyumba chifukwa cha zimenezi, tebulo la mabokosi 36 silikwanira. Khalani naye pansi, ndipo muuze aphunzitsi olangiza ana pasukulu pake.

Popita kwa aphunzitsi, tengani funso lonse monga linalembedwera, osati mmene mukulikumbukirira, chifukwa mawu amodzi osowa amasintha 56 kukhala 64. Tenganinso ntchito yanu yolakwayo ili yosafuta, ndi mzere uja wa zotsala m'thumba pambali pa fulakishoni iliyonse.